Miyezi 14 ndikuyendera mwendo wapulasitiki

Anandidula mwendo wamanzere m'munsi mwa bondo nditachita ngozi ya kabaza, ndipo wapulasitikiwu ndinaulandira bala litapola, patatha miyezi inayi. Kuyenda ndikuyenda, kudimba ndikupita. Koma chimene chandisautsa miyezi yonseyi ndi soketi, chikho chija mumalowa chitsa cha mwendo.

Tsiku londiyeza anakulunga chitsacho ndi pulasitala kuti apeze chikombole, ndipo soketi inandikwana bwino ndi sokosi imodzi. Amisiri anandichenjeza kuti chitsa chimaphwa, pakuti kutupa kumatha ndipo minofu yosagwira ntchito imachepa. Ine ndinangoti eya. Pofika mwezi wachitatu chitsa chinayamba kulowa kwambiri mkati, mwendo n'kumagwedera ndikanyamula phazi.

Thupi limayenera kutsamira pa mtsempha wa m'munsi mwa bondo ndi m'mbali mwa fupa, osati kunsonga. Choncho ndikavula ndimayang'ana pamene pafiira. Kukapweteka kunsonga, kapena soketi ikamakankha bondo lenilenilo, ndiye kuti ndamira, ndimawonjezera sokosi. Chizindikiro chikakhala chosafufutika patatha mphindi 20, tsiku limenelo ndimagwira ndodo. Nthawi ina ndinachita makani chifukwa cha maliro a kwathu, ndinatuluka thuza limene linandikhazika pansi masabata awiri. Masana chitsa chimaphwanso, ndiye sokosi yapadera siichoka m'thumba. Mu Okutobala thukuta lokha limandivulitsa mwendo kawiri patsiku kuti ndipukute.

Nditafika masokosi anayi, kuwonjezera kunasiya kuthandiza. Poyamba amisiri anamata zikopa mkati, zinandisunga miyezi iwiri. Mwezi wachisanu ndi chinayi anandiumbira soketi ina, phazi n'kusiya lomwe lija. Yachiwiriyi mpaka lero ndikuvalira sokosi imodzi kapena awiri. Amene mukulandira mwendo woyamba, ikiranitu padera ya thiransipoti yobwererako, makamaka ngati mumakhala kutali ndi Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, kumene kuli malo opangira miyendoyi.

Zokonza zina sizifuna ulendo. Lamba womanga pamwamba pa bondo anaduka kawiri, wosoka nsapato wa pamsika anandisokera pa mtengo wosasiyana ndi wosokera nsapato. Bawuti ya pansi pa phazi itamasuka ndinamva kulira kuti kwe kwe poponda, ndipo wokonza njinga anaimanga, titayamba talemba chizindikiro kuti phazi lisatembenuke. Koma soketi musaiwotche pamoto kapena kuipala nokha, ngakhale ikutsineni chotani. Mukapala pamodzi, kulemera kumasamukira pena.

Phazi la labala layamba kung'aluka cha kuzala, mwina chifukwa cha matope a kudimba, ndiye ndasiya kuliponda popanda nsapato. Nsapatonso ndimagula za chidendene chofanana ndi zimene anandiyezera. Za kutchalitchi zazitali chidendene zinkandikankhira bondo kutsogolo, ndinangompatsa mphwanga.