Pulogalamu yosanja njira: zomwe ndaona pogawa mazira mu Zomba

"Alamu, pulogalamu yanu ija yosanja malo opita mukuigwiritsabe ntchito? Ineyo ndayamba kugawa buledi, ndiye ndimafuna ndidziwe ngati ndilipire kapena ndisataye ndalama."

Alamu, ndikuigwiritsabe, koma osati ngati mmene ndinkachitira poyamba. Ndati ndiyankhire pano chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, komanso alipo ena ogawa katundu mu Zomba muno amene amandifunsa zomwezi.

Kwa amene simundidziwa, ine ndimagawa mazira. Nkhokwe yathu ili ku Matawale, ndipo tsiku lotanganidwa kagalimoto kathu ka tani imodzi kamaima malo 22: Chinamwali, Songani, Domasi, m'tauni, Mpondabwino, Chikanda, tsidya la Likangala, mpaka ku Thondwe. Ndinayamba kulipira pulogalamuyi m'chilimwe, ndipo tsopano ndadutsa nayo dzinja lathunthu.

Chimene mumagula kwenikweni ndi ndondomeko ya malo oima. Google Maps imakulolani kuika malo 10 okha pa ulendo umodzi, kuwerengera ndi poyambira pomwe, ndipo imawatsata mmene mwawalembera inuyo. Siikuuzani kuti muyambe ndi uyu, uyo akhale womaliza. Pomwe malo 10 okhawo angasanjidwe m'njira 3,628,800 zosiyana. Akafika 22, palibe munthu angazione zonse m'mutu, ngakhale atakhala wobadwira ku Chinamwali.

Zomwe zimayenda bwino ndizitchula mwachidule. Kulowetsa mndandanda wa makasitomala ndi kosavuta. Dalaivala amadina akatsitsa katundu, ine n'kuona ndili ku nkhokwe. Nditati nyumba ina yodyera m'tauni imafuna mazira isanakwane 8 koloko, imaiika koyambirira mosavuta. Bandulo siidya kwambiri.

Chinandisangalatsa miyezi yoyamba chinali mafuta. Kale tinkadzuka n'kuthamangira ku Thondwe, kubwerera m'tauni, kupita ku Domasi, kenako n'kulowanso m'tauni madzulo kukamaliza otsala. Pulogalamuyi inati tiyambe ndi am'tauni ofuna m'mamawa, titsike ku Thondwe tikugawa a mbali imodzi ya msewu wa M3, pobwerera tigawe a mbali inayo ndi a ku Mpondabwino ndi Chikanda, ndipo Domasi akhale wa masana, Songani ndi Chinamwali pobwerera kunyumba. Ulendo umene unkakwana makilomita pafupifupi 110 unatsika kufika pa 92. Galimoto yathu imayenda makilomita 9 pa lita ikasenza, ndiye amenewo ndi malita awiri pa tsiku, kapena kuti pafupifupi 50 pa mwezi. Amene munagonapo pa mzere wa mafuta mukudziwa kuti malita 50 si masewera. Nthawi imeneyo ndinkauza aliyense kuti agule.

Tsopano vuto lake, limene silinathe mpaka lero.

Pulogalamuyi isanasanje chilichonse, imayamba yawerengera kuti kuchoka pa golosale iliyonse kupita pa ina iliyonse pamatenga mphindi zingati. Ndondomeko yonse imamangidwa pa manambala amenewo. Manambalawo imawatenga pa mapu, ndipo mapu sadziwa kuti kwagwa mvula, sadziwa kuti m'galimoto muli mazira. Ikalakwitsa nthawi ya pakati pa malo awiri okha, sikuti pasokonekera pamenepo pokha. Imakoka malo ena onse kuti agwirizane ndi njira yabodzayo.

Ndili ndi kasitomala wina kumunsi kwa Chikanda, ndi wina tsidya la Likangala. Pa mapu awiriwa ndi oyandikana, ndipo pali kamzere kotsikira ku mtsinje n'kutulukira mbali inayo. Pulogalamu inalemba kuti pakati pawo pali mphindi 4. Kamzereko ndi kanjira kamene anthu oyenda pansi ndi a kabaza amawolokera madzi akaphwa. Galimoto siingadutsepo ngakhale mu Okutobala. Kuti mufike tsidya linalo muyenera kubwerera mpaka pa tala, kukawolokera pa mlatho, n'kutsikanso, ndipo zimatenga mphindi zoposa 20.

Tsiku lina la mu Januwale ndinatumiza mnyamata watsopano, wochokera ku Balaka, wosaudziwa bwino mzindawu. Anatsata foni mokhulupirika. Anatsika ndi kanjirako mpaka pamene sakanathanso kutembenuka, matayala akumbuyo n'kutitimira m'matope. Anyamata a m'deralo anatithandiza kukankha, ndipo tinawapatsa kangachepe monga mwa nthawi zonse. Pokankhapo matileyi anayi anagwa, ndiye kuti mazira 120, poti tileyi imodzi mumakhala 30. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti malo asanu ndi limodzi otsatira anali atasanjidwa poganiza kuti galimoto itulukira tsidya linalo. Atabwerera, ndondomeko yonse inali yopanda ntchito. Ku Domasi anafika dzuwa litapendeka, mayi wina wophika zitumbuwa ndi mandasi atagula kale kwa munthu wina.

Usiku umenewo ndinatsala pang'ono kuichotsa m'foni.

Kanjira ka mtsinje ndi chitsanzo choonekera, koma vuto lomwelo limabisala paliponse pamene tala wathera. Njira yodziwira ndi iyi, alamu, ndipo muyesere musanalipire kalikonse. Ikakusanjirani ulendo, musangoyang'ana nambala ya pamwamba yonena kuti mutha nthawi yakuti. Tsegulani chigawo chilichonse muone makilomita ndi mphindi zake. Mukaona makilomita 6 m'mphindi 8 pa msewu wa dothi, dziwani kuti ikuganiza kuti mukuthamanga makilomita 45 pa ola. Ine ndi mazira, pa msewu wokumbika ndi mvula, sindidutsa 15, ndiye malo omwewo amanditengera mphindi 24. Zigawo zitatu zotere zikalowa mu ulendo umodzi, mwataya kale mphindi 48 zimene sizinalembedwe paliponse. Ndipo poti imaona ngati dothi ndi lofulumira, imakonda kukudutsitsani njira zachidule m'malo mozungulira pa tala.

Pali batani lolembedwa `Avoid unpaved roads`, louza pulogalamu kuti ipewe misewu ya dothi. Ndinkayembekeza kuti limeneli lithetsa nkhani. Silinathandize kwenikweni, chifukwa limadalira kuti munthu wina analemba pa mapu kuti msewuwo ndi wa dothi, ndipo misewu yambiri ya m'makwalala mwathu sinalembedwe kalikonse. Komanso theka la makasitomala anga ali pa dothi pomwepo, ndiye kulipewa sikutheka.

Zimene zinandithandiza ndi zitatu, ndipo zonse ndi ntchito ya manja anga. Choyamba, chizindikiro cha golosale sindichiikanso pa denga la golosaleyo. Ndimachiika pamene galimoto imaimadi, ngakhale patakhala pa mphambano patali pang'ono. Pulogalamu imakokera chizindikiro ku msewu umene uli pafupi kwambiri, ndipo nthawi zina msewu wapafupiwo umakhala kuseri kwa mpanda kapena tsidya la ngalande. Kuno kulibe manambala a nyumba oti mungalembe, choncho kasitomala watsopano aliyense ndimapitako ndekha n'kutenga malowo ndi foni nditaima pomwepo. Chachiwiri, makasitomala a mbali ziwiri za Likangala ndinawagawa m'magulu awiri, kuti pulogalamu isapezenso mpata wowalumikiza. Chachitatu ndi pamene palembedwa `Service time`, nthawi imene mumatha pa malo amodzi. Inabwera itaikidwa pa mphindi 5. Ndani mu Zomba muno amene angalandire matileyi, kuwaunika ngati mulibe osweka, kuwerenga ndalama, kudikira uthenga wa pafoni kuti zalowa, n'kukufunsani za kunyumba m'mphindi 5? Ndinaika 12 kwa agolosale ndi 20 kwa a mumsika, kumene timaimika galimoto patali n'kunyamula pamanja. Kusiyana kwa mphindi 7 pa malo 22 ndi maola awiri ndi theka. Nditakonza zimenezi, nthawi imene imalonjeza makasitomala inayamba kufanana ndi zoona.

Kwa inu a buledi, mazira kusweka sikukukhudzani, koma nthawi ikukukhudzani kuposa ine. Buledi wofika 10 koloko anthu atamwa kale tiyi ndi wobwerera naye.

Chinanso chaching'ono: kusanjanso ulendo muli m'njira kumafuna netiweki. M'tauni palibe vuto, koma tikapita cha ku Chingale, kuseri kwa phiri, pali malo ena amene foni imangozungulira. Sanjani musananyamuke.

Za ogulitsa tsopano. Kampani yake ndi yakunja ndipo mtengo wake uli m'madola, pa dalaivala aliyense mwezi uliwonse. Ine ndimalipira kudzera kwa ejenti wina wa ku Blantyre amene amalandira makwacha pafoni. Amene mukukumbukira kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 mukudziwa kale zimene zimachitikira chinthu cha madola. Ejentiyu amawerengera pa mtengo wakewake wa dola, osati wa ku banki, ndipo chiyambireni wakweza kale, mondidziwitsa pa tsiku lolipira lomwelo.

Nditamudandaulira za mtsinje uja anandiyankha mwaulemu ndithu, koma yankho lake linali lakuti mapu si awo, amachokera ku OpenStreetMap, kumene aliyense angathe kukonza. Mwana wa mchemwali wanga amene amaphunzira ku Chirunga anandithandiza. Tinasintha kanjirako kukhala ka oyenda pansi:

```
highway=path
ford=yes
```

Pa mapu enieniwo zinasintha tsiku lomwelo, koma m'pulogalamu zinatenga masabata, chifukwa iwo amatenga mapu atsopano mwa apo ndi apo. Ndinakhutira kuti zinatheka, komabe mumtima ndinkadzifunsa kuti bwanji ndikulipira mwezi ndi mwezi pomwe mapu ndikukonza ndine.

Chimene chinandikwiyitsa kwambiri chinabwera pambuyo pake. Dalaivala wachiwiri atasiya ntchito, ndinamuuza ejenti kuti achotse dzina lake. Mwezi wotsatira bilu inabwera ya anthu awiri. Anavomera kuti uthenga wanga anauona, koma anati ndalama sizibwezedwa, angoziika pa mwezi wa kutsogolo. Ndalama imeneyo ndinkafuna kugulira chakudya cha nkhuku sabata yomweyo. Kenako anayamba kundinyengerera kuti ndilipiretu chaka chonse pa mtengo wotsikirako. Ndinakana.

Ndiye alamu, mmene ndikuonera ndi motere. M'chilimwe mafuta amene imandipulumutsira amaposa bilu yake, ndipo ndimatsala ndi kenakake. M'dzinja ndikachotsa mazira osweka ndi nthawi yotayika, zimangofanana. Chinanso n'chakuti makasitomala anga sasinthasintha. Ikakusanjirani njira yabwino ya Lolemba kapena ya Lachinayi, njirayo imakhala yomweyo mpaka mutapeza makasitomala ena. Panopa ndimalipira dalaivala mmodzi, mwezi umodzi umodzi, makamaka pamene ndawonjezera malo atsopano kapena ndalemba mnyamata wachilendo. Miyezi ina timayendera pepala limene ndinakopera n'kulimata m'galimoto.

Ngati malo anu sakupitirira 10 ndipo ndi omwewo tsiku lililonse, musalipire. Ngati akupitirira 15 ndipo maoda amasintha m'mawa uliwonse, lipirani mwezi umodzi, muyambe mvula isanagwe, ndipo ejenti akulembereni pa uthenga mtengo wake m'makwacha ndi zimene zimachitika mukafuna kusiya. Zizindikiro za magolosale a ku Chikanda ndi Mpondabwino ndili nazo kale zokonza bwino, mubwere ndi foni Loweruka mudzakopere.