CS2 ndi Valorant: zipolopolo zotayika ngakhale pingi ili yotsika

Masewera awiriwa amagamula kuwombera mofanana. Mdani amene mukumuona pa sikirini ndi wa kanthawi kapitako, choncho seva ikalandira kuwombera kwanu imabweza nthawi mmbuyo, n'kumuika pomwe inu munamuona, kenaka n'kuyesa ngati chipolopolo chamukhudza. Amasiyana pa kawerengedwe ka nthawi. Seva za Valorant zimawerenga ka 128 pa sekondi, kutanthauza mamilisekondi 7.8 pakati pa kuwerenga kumodzi, kotchedwa tiki, ndi kotsatira. CS2, yomwe inatuluka mu 2023, imawerenga ka 64, mamilisekondi 15.6, koma Valve, kampani yomwe inaipanga, inawonjezera zoti kompyuta yanu izitumizanso nthawi yeniyeni yomwe mwadina mkati mwa tikiyo.

Anthu amakanganirana kwambiri manambalawa, koma ine ndimaona kuti madandaulo ambiri sachokera pamenepo. Tiyerekeze kuti pingi yanu, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera, ndi mamilisekondi 30. Chipolopolo cha mdani chafika pa seva, ndipo kumeneko mwafa kale. Uthengawo utenga mamilisekondi 15 kuti ukufikeni, ndipo kompyuta yanu iusunganso pafupifupi tiki imodzi isanauonetse. Chimene munawombera mamilisekondi 15 imfayo isanachitike chidakali pa njira, ndipo chikafika seva ichikana chifukwa wakufa sawombera. Zonse pamodzi, mu CS2 pali mamilisekondi pafupifupi 45 pomwe mfuti ikulira kwa inu, mtanda uli pamutu pa mdani, koma palibe cholembedwa. Mu Valorant mpatawu umachepako ndi mamilisekondi 8 okha. Ndi phindu ndithu, koma vutolo silichoka.

Pingi payokha imabisanso zambiri, chifukwa nambala ya pa bolodi ndi ya pakatikati. Wayifayi kapena intaneti ya pafoni ikhoza kuonetsa 30 pomwe mapaketi ena akuchedwa, ena akutayika. Pamenepo mdani amaoneka akudumphadumpha, ndipo waya amathandiza kuposa kusintha masewera.

Pofufuza chomwe chalakwika, Valorant ndi imene ndimaiyamikira. Mu Stats muli girafu ya Shooting Error, yoonetsa mmene chipolopolo chilichonse chapatukira. Mukaona yakwera pomwe mumati mwamenya mutu, dziwani kuti munawombera musanaime bwinobwino kapena munawombera motsatizana kwambiri, seva siinalakwe. Valorant ilinso ndi Network Buffering: Minimum ndi ya intaneti yokhazikika, Moderate imasalaza kayendedwe ka adani pa intaneti yosadalirika koma mumawaona mochedwerapo. CS2 ili ndi Telemetry yoonetsa kutayika kwa mapaketi, koma kuti muone pomwe zipolopolo zikugwera muyenera kutsegula seva yanuyanu yoyeserera n'kulemba mu console:

```
sv_showimpacts 1
```

Mukatero womberani khoma mukuthamanga, kenaka mutaima, mufanizire kumwazikana kwa zizindikirozo. Chovuta n'chakuti lamuloli siligwira m'masewera a mpikisano, komwe kuli madandaulo enieniwo, pomwe girafu ya Valorant mukhoza kuisiya yoyaka mpaka masewera kutha.