ROUND pa shiti ya katundu wopita kumudzi, mmene yayendera miyezi yonseyi

Abale anga a kuno ku Joni amene mumasunga mawerengero pa Excel, paja ndinalonjeza kuti ndidzanena mmene fomula ya ROUND yandithandizira ikagwira ntchito kwa kanthawi ndithu. Ndinaiika nthawi yozizira ija pa shiti yomwe timalembapo katundu wopita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pano mvula yayamba ndipo ndikuigwiritsabe tsiku ndi tsiku. Mwachidule yagwira, koma pali malo amodzi pofunika kusamala.

Vuto lija linali loti kasitomala walipira zonse, balansi ikuoneka 0.00 bwinobwino, koma selo yoyang'anira ngongole ikukana kulemba kuti wamaliza. Ukawonkhetsa pa kakyuleta zonse zili bho. Amene simunazionepo lembani izi mu selo iliyonse:

```
=1*(0.5-0.4-0.1)
```

Mwana wa pulayimale akuuzani kuti ndi ziro, koma Excel ikupatsani -2.78E-17, kutanthauza kanambala koyamba ndi maziro 16 pambuyo pa kadontho. Kompyuta siinaonongeke ayi. Imasunga manambala mu ma 0 ndi ma 1 potsatira muyezo wa IEEE 754 wa chaka cha 1985, ndiye 0.5 imalowa ndendende chifukwa ndi theka, koma 0.1 ndi 0.4 sizitha, zimangopitirira ngati mmene 1 kugawa ndi 3 imaperekera 0.3333 osafika kumapeto. Malo ndi ochepa, ma biti 64 basi, ndiye imadula penapake, ndipo kotsala kaja nkamene kamatulukira ukamachotsera manambala oyandikana. Maso sakaona chifukwa selo ikuonetsa ma desimali awiri okha, koma IF imakaona, ndipo kwa iyo kameneko si ziro.

Ndiye pa kolamu ya balansi ndinangokulunga fomula yonse:

```
=ROUND(C2-D2-E2,2)
```

Chiyambire pamenepo palibenso munthu wolipira kale amene shiti yamunamizira ngongole, ndipo izi kwa ine ndi nkhani yaikulu chifukwa kumuimbira foni mayi amene wavutika mwezi wonse pa ntchito ya m'nyumba ku Randburg kuti mwatsala ndi ndalama pomwe anamaliza, zimapweteka komanso dzina la bizinesi limaipa msanga pakati pathu. Laputopu yanu ikakhala pa masetingi a South Africa mwina ikana komayo, lembani `=ROUND(C2-D2-E2;2)` ilola, ndipo ikakananso kadontho, nambala ngati 0.5 muilembe 0,5.

Tsono pomwe panatenga nthawi kuti tigwirizane ndi pa VAT. Apa vuto limafanana ndi loyamba lija pamaso koma gwero lake ndi lina. Tengani zinthu zitatu chilichonse cha R12.43, VAT ya kuno ndi 15%, ndiye pa chimodzi ndi 1.8645. Shiti ikuonetsa 1.86 katatu, kasitomala akawonkhetsa pa foni yake apeza R5.58, pomwe SUM ikutenga manambala athunthu obisika aja nkupeza 5.5935, pa invoisi nkutuluka R5.59. Senti imodzi yokha, koma munthu akaiona amayamba kukayikira pepala lonse, ndipo sindimuda nazo. Kuika ROUND pa totala pokha sikuthetsa izi, ikupatsabe 5.59. Ikuyenera kukhala pa mzere uliwonse, `=ROUND(B2*0.15,2)`, kuti chimene chikuoneka chikhale chomwecho chimene chikuwonkhetsedwa, apo totala imabwera 5.58. Ife tinasankha njira ya mzere ndi mzere ndipo sitisakaniza, chifukwa ukapanga invoisi ina mwakuti ina mwakuti masenti aja kumapeto kwa mwezi amakusowetsa tulo.

Koma musaiike paliponse. Mtengo wa pa kilo kapena reti yosinthira randi kupita ku kwacha isiyeni ndi ma desimali ake onse, ROUND ibwere pomaliza pamene nambala yasanduka ndalama yoti munthu alipire. Mukadula reti kaye kenako nkuchulukitsa ndi ma randi masauzande, kusiyana kwake sikukhalanso kwa senti.

Mnzanga wina amandiuza kuti bwanji osangotsegula `Set precision as displayed` zithe kamodzi. Ine ayi ndithu. Imeneyo imadula manambala onse a mu failo kuti afanane ndi zooneka, ndipo zodulidwazo sizibwereranso ngakhale uitseke, ndiye reti ija ikadulidwa yapita. Kuchepetsa ma desimali ndi kabatani kaja nakonso sikusintha kanthu mkati, kumangobisa.

Mukakayikira selo ina, iwonjezereni ma desimali mpaka 20 muone ngati kumapeto kukutuluka timanambala tachilendo. Ine ndimachita zimenezi pa kolamu ya balansi Lachisanu lililonse thiraki isananyamuke, ndipo kuyambira pomwe ROUND inalowa ndimangopeza maziro okhaokha.