Kompyuta kapena cholembera chofiira: nchiti chigwira malembo aakulu?

Ku Salima, wina walemba kalata ya msonkhano wa asodzi kuti "lolemba, 3 okutobala".

Kompyuta imathamanga, komabe imadziwa Chingerezi osati Chichewa: ikonza monday, koma lolemba ndi okutobala imangozidutsa. Pa mutu, Shift+F3 mu Word imakweza chilembo choyamba cha liwu lililonse, ngakhale mawu ngati "ndi", "wa", "ku", oyenera kukhala aang'ono.

Cholembera chimafuna kusindikiza tsamba ndi kuwerenga kawiri, koma maso amagwira Lolemba ndi Okutobala.

Pambuyo pa koloni, chizindikiro cha madontho awiri, ndi pomwe ndimadalira maso kwambiri. "Tengani izi: maukonde, nyali" chilembo chaching'ono. Mawu a munthu, chachikulu: Amfumu anati: "Tifike m'mawa."

Kompyuta iyenera wolemba Chingerezi wothamangira nthawi. Wolemba Chichewa, gwirani cholembera.