Kupempha masiku owonjezera pa ntchito yoyesera: imelo yaitali yopepesa kapena yaifupi yotchula tsiku?

Mabungwe ena akafuna kulemba munthu ntchito, amayamba amutumizira kantchito koti achitire kunyumba, n'kumuuza tsiku lobweza. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, nthawi ya dzinja masiku amenewa amatha kukutherani m'manja: mvula yamphepo ikagwetsera mtengo pa mawaya, magetsi amazima, laputopu nayo n'kuthima.

Titenge chitsanzo cha mtsikana wa ku Luchenza amene wafunsira ntchito yolowetsa manambala m'kompyuta ku bungwe lina ku Blantyre. Amutumizira fayilo ya Excel Lachitatu m'mawa kuti aikonze ndi kulemba lipoti la masamba awiri, abweze Lachisanu 5 koloko madzulo. Magetsi azima Lachitatu usiku, ndipo kwacha Lachinayi asanayake. Ali ndi foni basi. Alembe bwanji?

Njira imene ambirife timathamangira ndi imelo yaitali. Timayamba ndi malonje, kenako kupepesa katatu, kufotokoza za mvula, za bandulo, za mwana amene akudwala, n'kumaliza ndi mawu akuti "mundiganizireko bwana, mundipatseko kanthawi pang'ono". Mtima wake ndi wabwino, ndipo ndi mmene tinaleredwera popempha kwa akuluakulu. Koma taganizirani mayi amene akulemba anthu ntchitoyo. Ali ndi maimelo a anthu ena ambiri, komanso pali gulu lomwe likudikira kuchonga mayankho. Akawerenga "kanthawi pang'ono" sadziwa ngati ndi maola atatu kapena sabata, ndiye ayenera kufunsanso kapena kuganiza yekha. Zifukwa zikachulukanso, zimayamba kumveka ngati munthu akudzitchinjiriza, ngakhale zonse zili zoona.

Imelo yaifupi imamuchotsera mtolo umenewo. Nthawi zambiri mudzailemba m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi awa:

"Zikomo mayi chifukwa cha ntchito imene munanditumizira Lachitatu. Kuno ku Luchenza magetsi anazima usiku wa tsiku lomwelo ndipo sanayakebe, choncho sindikutha kugwiritsa ntchito laputopu. Kodi n'zotheka kuti ndibweze Lolemba 12 koloko masana m'malo mwa Lachisanu? Ngati sizingatheke, ndidzatumiza zimene ndakwanitsa pofika Lachisanu 5 koloko. Ntchitoyi ndikuifunitsitsa."

Chifukwa ndi chimodzi, tsiku ndi ola zatchulidwa, ndipo mayiwo akhoza kungoyankha kuti inde kapena ayi. Chiganizo chonena zotumiza zimene mwakwanitsa pofika Lachisanu ndi chimene ndimachikonda kwambiri, chifukwa chimaonetsa kuti simukuwakakamiza, ndipo ulemu weniweni uli pamenepo. Kusankha Lolemba nakonso kuli ndi nzeru yake. M'maofesi ambiri palibe amene amachonga ntchito Loweruka ndi Lamulungu, ndiye mtsikanayu wapeza masiku awiri athunthu pomwe bungwe lataya theka la tsiku lokha. Akanapempha sabata yonse, akanasokoneza ndondomeko ya maintavyu, ndipo kukana kukanakhala kosavuta.

Pali ena amene amakonda kutumiza zomwe achita kale pamodzi ndi pempholo. Zimathandiza ngati gawo lina latheratu, monga ngati fayilo ya Excel yakonzedwa ndipo latsala ndi lipoti lokha. Koma ngati zili zosalongosoka, musatumize. Wochonga akhoza kuzitenga ngati yankho lanu lomaliza n'kupereka malikisi pa zimenezo.

Nanga kuimba foni kapena kulemba pa WhatsApp? N'zachangu ndithu, koma mawu a pafoni sasiya umboni, ndipo amene wakuvomerani mwina si amene adzalandire fayilo. Ngati mwaimba, tsatizani ndi imelo yotchula tsiku limene mwagwirizana. Muilembe podina Reply pa imelo yomwe inabweretsa ntchitoyo, osati kuyamba yatsopano, kuti aliyense woitsegula aone nkhani yonse pamalo amodzi.

Kwa ine, imelo yaifupi ndiyo yopambana, koma mphamvu yake ili pa nthawi yoitumizira. Ikapita Lachinayi m'mawa, imaonetsa munthu woona vuto likadali patali. Imelo yomweyo ikapita Lachisanu 4 koloko, imaoneka ngati ya munthu amene anangozengereza. Onaninso za ola ngati bungwelo lili kunja: Nairobi ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, kotero 5 koloko yawo ndi 4 koloko kuno.

Chimene chimapweteketsa ambiri ndi kuyesa kuti kusayankhidwa ndi kuvomera. Ngati pofika Lachisanu m'mawa yankho silinabwere, tsiku lobweza limene anakupatsani poyamba lija likadali pomwepo. Mtsikanayu anyamule laputopu ndi chaja, akwere minibasi kupita ku Thyolo boma kapena kwina kulikonse kumene kukuyaka magetsi, agwire zimene angathe, ndipo atumize 5 koloko isanakwane, atalemba momveka gawo limene latha ndi limene latsala.