Kalata ya Tsiku la Amayi musaiike m'katoni

Abale anzanga a kuno kunja, chaka chino sindinathe kupita kukaona amayi pa Tsiku la Amayi. Pasipoti yanga ili ku ofesi, ndikudikira kuti andiwonjezere chilolezo chokhalira kuno, ndipo mukudziwa nokha kuti ukatuluka mapepala asanatuluke, kubwerera kwake n'kovuta. Zaka zonsezi ndinkayesetsa kukafika ndekha, ngakhale kwa masiku atatu okha. Nditaona kuti ulendo walephereka, ndinakhala pansi usiku uwiri n'kulemba kalata ya masamba anayi. Ndinalembamo zinthu zimene mwana wamwamuna wamkulu sanena pafoni: za chaka chimene bambo anamwalira, za momwe amayi anatilerera okha, ndi za chisoni changa kuti tsopano maso awo akuvuta ine ndili kutali. Kalatayo ndinaikulunga m'shawelo, n'kuiika m'katoni pamodzi ndi nsapato, bulangete ndi chithunzi cha adzukulu awo.

Katoniyo inalemera makilogalamu 14. Ndinaipereka kwa mmodzi wa anthu a malole aja onyamula katundu wa anthu, kutatsala masabata 6 kuti tsikulo lifike. Anandilonjeza masiku 10. Ndinalipira zonse pompo, ndipo anandipatsa kapepala kolembedwa dzina langa, ndalama ndi nambala ya foni basi. Panalibe mndandanda wa zimene zinali m'katimo, panalibe nambala ya galimoto, panalibenso dzina la depoti kumene katundu akatsikire. Dzina la achemwali anga, omwe amayenera kukalandira, analilemba pa pulasitiki yokutira katoni. Ndinaona zonsezi koma sindinafunse, chifukwa munthuyo anandilozera ndi mnzanga wa kutchalitchi.

Atatha masiku 10 ndinaimba. Anati ali pa boda, mzere ndi wautali. Patapita masiku anayi anati galimoto yafa, akudikira chitsulo. Sabata yachitatu anaimba yekha, mawu ali ofewa, kunena kuti a kasitomu agwira katundu yense ndipo aliyense awonjezere theka la ndalama zimene analipira poyamba. Ndinatumiza tsiku lomwelo, pa nambala ya munthu wamba, osati ya kampani. Nditapempha kuti andijambulire lisiti ya kasitomu, anati dalaivala ndiye ali nayo. Apa mpamene ndikanadzidzimuka. Msonkho wa pa boda ukalipiridwa moona pamatuluka pepala losonyeza katundu ndi ndalama zake, ndipo munthu wachilungamo sachedwa kukujambulira. Amene akungokuuza ndi pakamwa kuti a kasitomu akufuna zakuti, chonsecho sanalembe n'komwe zimene zili m'katoni yako, msonkhowo wauwerengera pa chiyani?

Achemwali anapita kudepoti katatu. Ulendo wachitatu mnyamata wotsitsa katundu anawamvera chisoni n'kuwauza zoona: lole imene inanyamula katundu kuno si imene inafika kumeneko. Katundu anamusamutsira m'galimoto ina panjira, mapulasitiki ambiri anang'ambika, ndipo makatoni opanda dzina anawaunjika pakona kuti aliyense azifufuza yekha. Yathu panalibe. Mpaka lero sinapezeke, ndipo munthu wa lole uja akaona nambala yanga amadula. Nsapato ndi bulangete ndidzagula zina. Chimene chikundiwawa mumtima ndi kalata ija, chifukwa sindinaijambule n'komwe. Mawu amene ndinawalemba misozi ili m'maso mwina ali padzala, kapena wina anakulungira zinthu.

Ngati mukutumizabe katundu mwa njira imeneyi, ndipo ambirife sitingachitire mwina, lembani dzina ndi nambala ya wolandira pa katoni penipeni mbali zonse, kenako muike pepala lina mkati. Lembani mndandanda wa katundu, asayinepo, muujambule pamodzi ndi katoni ili yotsegula. Funsani ngati galimoto ikafika yomweyo kapena amasinthanitsa panjira, ndipo mugwirizane kuti theka la ndalama mudzapereka katundu akalandiridwa. Wokana zimenezi musiyeni, ngakhale akhale m'bale wa abusa.

Kutatsala masiku atatu ndinavomereza kuti katoni sifika, ndiye ndinathamangira kutumiza ndalama pa nambala ya amayi kuti achemwali akatape n'kuwagulira mphatso komweko. Ndinagwiritsa ntchito apu ina imene imalengeza kuti kutumiza koyamba n'kwaulere. Zoona, pamzere wa chindapusa panalembedwa 0. Koma nditafananitsa pambuyo pake reti yawo yosinthira ndalama ndi reti yapakati ya tsiku lomwelo, ija ya pamsika imene ilibe phindu la kampani, yawo inali pansi ndi 7 peresenti. Tiyerekeze kuti pa reti yapakati amayi akanalandira 1,000. Pa reti ya apuyo m'foni mwawo munalowa 930, ndipo potapa kwa ejenti anadulidwanso pafupifupi 20. M'manja munafika 910. Ndiye kuti ulere ujawu unandidyera 9 pa 100 iliyonse. Bungwe la United Nations linaika cholinga choti pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama kwathu ukhale pansi pa 3 peresenti, ndiye onani kutalika kwake. Musamayang'ane chindapusa chokha. Funso ndi limodzi: ndikapereka zakuti kuno, m'manja mwa amayi mufika zingati akatapa?

Ndalamazo sizinalowenso nthawi yomweyo. Ndinalemba dzina la amayi la kubanja, limene tonse timawadziwa nalo, pomwe nambala yawo inalembetsedwa ndi dzina la pa chiphaso, la kwa makolo awo. Makina anaona maina awiri osiyana n'kuimitsa. Kumeneku kunali kulakwa kwanga, sindiwanamizira. Koma palibe anandiuza. Pa apu pankangooneka kuti zili m'njira, ndipo ndinadziwa chifukwa chake nditaimba ndekha tsiku lachiwiri. Kukonza dzina kunatenga masiku ena awiri chifukwa pakati panali holide. Kumbukiraninso kuti tsikuli siligwa pamodzi m'maiko onse. Maiko ambiri, monga South Africa ndi America, amakumbukira Lamlungu lachiwiri la Meyi, ku Britain ndi Lamlungu lachinayi la Lenti, pomwe ku Malawi ndi pa 15 Okutobala ndipo maofesi amatseka. Werengerani kalendala ya kumene kuli amayi anu, osati ya kumene mukukhala, ndipo ndalama zifike kutatsala masiku asanu. Patsiku lenilenilo maejenti ambiri ndalama zimawathera m'mawa chifukwa aliyense akutapa.

Pali chinanso chimene ambiri sadziwa. Pa apu pali kabokosi kolembamo chifukwa chotumizira. Ine ndinalembamo kuti "Amayi, ndimakukondani, pepani sindinabwere," poganiza kuti mawuwo akaoneka pafoni yawo. Sanaoneke. Meseji imene analandira inali ndi ndalama, nambala ya chitsimikizo ndi dzina la kampani, osatchula ngakhale dzina langa. Pa apu imeneyo kabokosiko n'kongosungira mbiri ya kampani. Musanadalire kabokosi kotere, tumizani kandalama kochepa kaye mufunse wolandira kuti akuwerengereni zimene zalembedwa.

Choncho tsikulo linafika amayi alibe katoni, alibe ndalama, alibe kalata. Choipitsitsa n'chakuti sindinawauze kalikonse, ndinkafuna kuti mphatso iwadzidzimutse, ndipo achemwali ndinawapempha kuti asaulule. Ndinaimba madzulo nditaweruka, netiweki ikuduladula. Amayi anati, "Mwana wanga, ndaona ana a anzanga akulowa m'makomo kuyambira m'mawa. Ndimayesa mwina mwadwala." Sanafunse za ndalama ngakhale pang'ono. Tsiku lonse anakhala ndi nkhawa kuti kuchete kwanga kukutanthauza matenda. Ndinayesa kukumbukira zimene ndinalemba m'kalata muja, koma pakhosi panatseka, ndinangoti pepani, pepani, mpaka foni inaduka.

Kuti ndisakhale wodandaula yekhayekha, ndinene za amene anandichitira zabwino. Sabata yotsatira ndinapita pa kauntala ya kampani yotumiza ndalama yolembetsedwa, ya mtundu uja umafuna chiphaso ndipo umalipiritsa chindapusa poyera. Mayi wa pakauntalapo, ndisanapereke ndalama, anandiuza kuti ndiimbire kaye kwathu andiwerengere dzina chilembo ndi chilembo monga lilili pa chiphaso. Anandisonyeza pa lisiti ndalama zenizeni zimene zikafike. Chindapusa chawo chinkaoneka chachikulu, koma nditawerengera zonse ndinataya pafupifupi 5 pa 100, osati 9, ndipo ndisanafike pokwerera basi achemwali anali ataimba kale kuti zalowa. Anthu amenewa sindiwasiya. Ndi bwino munthu akuuze mtengo wake pamaso kusiyana n'kukusekerera akukudula kuseri.

Za kalata ija, sindinayesenso kuilemba yonse. Ndinadikira Lamlungu m'mawa, nyumba ili zii, n'kujambula mawu pafoni. Foni ya amayi ndi yamabatani, ndiye ndinatumiza kwa achemwali kuti akawatsegulire. Ndinaigawa m'zidutswa zitatu za mphindi imodzi imodzi, chifukwa uthenga wautali umakanika kutsika kumene netiweki ndi yofooka. Chidutswa choyamba chinali chotere:

"Amayi, ndine mwana wanu. Chaka chino sindinabwere, osati chifukwa ndaiwala njira, koma mapepala anga sanatuluke. Sindikudwala, ndikudya bwino, ntchito ikuyenda. Ndinakulemberani kalata koma yasowa panjira, ndiye mumve ndi pakamwa panga. Ndikukumbukira mmene munkadzukira kusanache chaka chimene bambo anatisiya, ndipo simunatilole kuona misozi yanu. Pano ndili ndi ana anga, ndiye ndikumvetsa zimene munasenza. Mapepala akangotuluka, ulendo woyamba ndi wa kwa inu, ndipo tikapita limodzi kuchipatala cha maso."

Ndinayamba dala ndi chifukwa chosabwerera ndi za thanzi langa, popeza zimenezo ndi zimene zinawasowetsa mtendere. Sindinatchule mwezi wobwerera chifukwa sindikuudziwa, ndipo mayi ukawauza tsiku amayamba kuwerenga.

Achemwali akuti amayi anamvera zidutswa zonse zitatu, kenako anati abwerezenso. Tsopano akafika kukawaona, asanakhale n'komwe pansi, amayi amati, "Tanditsegulireni mwana wanga uja." Ndawapempha achemwali kuti asunge mawuwo pa memori khadi, kuti foni ikadzawonongeka asadzasowenso ngati kalata ija.