Kirimu wa mawanga wa K9,000 uja wandipsereza masaya

Amayi anzanga a ku Zomba kuno amene mukufunsa za kirimu wosakaniza uja, wa m'kabotolo koyera kopanda dzina, ine ndadzola miyezi 4 ndipo ndikuti musagule.

Mawanga akuda anandiyamba ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri, tsaya ili ndi ili mofanana, kenaka pamwamba pa mlomo. Sankayabwa, sankapweteka, koma aliyense ku Chinamwali ankandifunsa ngati ndapsa ndi moto. Mayi wina wogulitsa zodzoladzola anandigulitsa kirimuyu n'kundilonjeza kuti pakatha milungu iwiri ayera. Zoona, anayamba kuzimiririka, ndipo ndinagulanso mabotolo ena atatu.

Botolo lachinayi litatha mu Okutobala, ndinakhala masiku 5 osadzola. Nkhope inayamba kutentha ngati ndaithira tsabola. Tiziphuphu ting'onoting'ono tinatuluka paliponse, timitsempha tofiira tinayamba kuoneka pamasaya, ndipo mawanga aja anabwerera akuda kuposa poyamba. Ndinapita kwa mayi uja nkhope ili choncho. Pamaso pa makasitomala ena anandiyankha kuti, "Asisi, magazi anu ndi amene ali ovuta, ena onse akuyera bwinobwino." Ndinawafunsa kuti andionetse zimene amasakaniza. Anakana, ndinaumirira, mpaka anatulutsa kachubu pansi pa tebulo. Ndinakajambula pafoni. Ndiye m'malo mopepesa, anafuna kundigulitsa botolo lina, ati lamphamvu kwambiri, pa K12,000. Ndinachoka ndikunjenjemera ndi mkwiyo.

Chithunzicho ndinakachionetsa kuchipatala. Adokotala anati m'kachubumo muli kilobetasolo wa 0.05%, mankhwala amphamvu kwambiri a gulu la siteroidi, opangidwira matenda ena a pakhungu kwa nthawi yochepa, osati odzola kumaso tsiku ndi tsiku. Amayeretsa msanga, koma amapepukitsa khungu, ndipo ukasiya mwadzidzidzi khungu limapsa mtima ngati mmene langa linachitira. Anandichenjezanso za haidulokwinoni, amene amapezeka m'mafuta ambiri oyeretsa khungu. Iyeyo amathandizadi mawanga akamaperekedwa ndi dokotala kwa miyezi yowerengeka, koma ukamudzola zaka amatha kukusiyira kuda kwina kobiriwira kumene kumavuta kwambiri kuchotsa.

Vuto langa loyamba lija anati ndi melasima. Pakati ndi pamene panayambitsa, mapiritsi olera amene ndinayamba kumwa pambuyo pake n'kutheka anawonjezera, koma chimene chimadyetsa mawangawa tsiku lililonse ndi dzuwa. Ine ndimayenda wapansi kupita m'tauni masana, madzulo ndili pambaula, ndipo kutentha nakonso kumawadetsa. Mayi uja sanatchulepo dzuwa ngakhale kamodzi. Pano mtima unatsikako pang'ono, chifukwa nditakumbukira masaya awo, nawonso ali ndi timitsempha tomwe tija. Ndikuganiza kuti amadzola zomwezo ndipo sadziwa chimene akugulitsa. Koma mawu a magazi aja sindinawaiwale.

Chimene ndingayamikire ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50 amene ndinagula kufamase. Ndi odula, ndipo tsiku loyamba ndinadandaula chifukwa amandisiya wotuwa ngati ndadzola phulusa. Ndinasintha n'kutenga okhala ndi mtundu wofanana ndi khungu, amene adokotala anati ndi abwino kwambiri pa melasima popeza amatchinganso kuwala kumene timaona ndi maso. Ndimafinyira pazala ziwiri, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, ndiye mlingo wa nkhope ndi khosi. Ndimadzola m'mawa uliwonse, ngakhale phiri litakutidwa ndi mitambo, ndipo ndikakhala panja ndimabwereza pakatha maola awiri. Chipewa chakhonde kapena ambulera sindisiya.

Kupsa kuja kunatenga milungu ingapo kuti kuzizire, ndikusamba ndi sopo wosanunkhira basi, osakhula ndi mandimu kapena soda ngati mmene ena amalangizira. Khungu litakhazikika adokotala anandilembera kirimu wa asidi wa azelaiki wa 20%. Amayabwa pang'ono masiku oyamba, ndipo anandiuziratu kuti ndisayembekezere kusintha miyezi iwiri kapena itatu isanathe. Za mapiritsi olera anati ndisasiye pandekha, ndikakambirane kaye ndi anamwino za njira ina.

Tsopano ndili mwezi wachitatu. Mawanga sanathe, koma m'mbali mwake mwayamba kuzimiririka, ndipo paukwati wa mng'ono wanga ku Matawale ndinapita ndi paudala wochepa chabe. Timitsempha tofiira tija tikadalipo.